Tebulo la manambala pa silaidi imene ndinajambula: mizere yapendekeka, pakati pawala, dzanja latchinga

Nabanda_KU
Moni nonse pa gulupu. Ndithandizeni akuluakulu. Lachitatu tinali ndi msonkhano wa kopaletivi yathu ku Kasungu boma ndiye anaonetsa pa TV yaikulu ija tebulo la matumba a soya ndi mtedza amene makalabu 6 anabweretsa ku nkhokwe chaka chino. Ine ndinakhala kumbuyo chakumanzere ndinajambula ndi foni. Pano ndikufunika kulemba lipoti loti ndikawerenge ku kalabu kwathu koma chithunzi chake chavuta, chapendekeka, pakati pali kuwala kwa windo, komanso dzanja la amene amafotokoza aja ndi mapepala awo zatchinga mizere iwiri ya kumunsi. Chikundidabwitsa kwambiri ndi kalabu ya nambala 4, soya 87 mtedza 49 koma kolamu ya onse pamodzi ikunena 175. Kodi analakwitsa ndi iwowo kapena ndi maso anga? Chithunzi ndaponya pamwambapa.

Chikondi88
Apempheni akutumizireni failo yake basi, mukuvutikiranji mayi

Nabanda_KU
Ndinapempha tsiku lomwelo. Laputopu inali ya mlendo amene anabwera kudzaphunzitsa ndipo anabwerera ku Lilongwe, asekilitale akuti awakumbutsa koma msonkhano wa kalabu ndi Loweruka.

mphwanga_wa_Joni
Vuto ndi kamera imeneyo, galasi lake lili ndi mafuta. Pukutani ndi nsalu yofewa mujambulenso

Chikondi88
Ajambulenso chani aise, msonkhano unatha Lachitatu

Gomani_IT
Mayi Nabanda, choyamba, chithunzi mwaponyachi sichenicheni ayi. WhatsApp imachepetsa chithunzi mukachitumiza mwa nthawi zonse, ichi chafika kuno mbali yaitali ili ndi mapikiseli 1600 pamene foni zambiri zimajambula 4000. Ndazuma kolamu ya kumanja, nambala iliyonse kutalika kwake ndi timadontho 5 kapena 6 basi, pamenepo 3 ndi 8 ndi chinthu chimodzi palibe angasiyanitse. Bwererani mu galari mupeze choyambirira chija, potumiza musankhe Document osati Gallery. Ndipo musachikonze kaye, musachidule, musaike fyuluta, tumizani mmene chinatulukira mu kamera.

Za 175 zija ndikuganiza ndaona chimene chachitika koma ndidikire chithunzi chabwino.

Nabanda_KU
Ndatumiza ngati Document, chadya bandulo ndithu, 4 MB

Mai_a_Tadala
Ine zimenezi zinandionekera pa maphunziro a zaumoyo chaka chatha. Ndinajambula masilaidi ambirimbiri tsiku lonse, kufika kunyumba theka lake mizeremizere ya mitundu, yofiira yobiriwira, ngati utawaleza wadutsa pa khoma. Inali pulojekita osati TV. Mpaka lero manotsi a tsiku limenelo ndilibe, ndipo chimandiwawa ndi choti aphunzitsi analonjeza kuti atitumizira pa imelo tonse tinalemba ma adiresi pa pepala.

Gomani_IT
Zanuzo Mai a Tadala ndi nkhani ina pang'ono. Mapulojekita ena amaonetsa mitundu mosinthanasinthana mwachangu kwambiri, diso limaiphatikiza koma kamera ikatsegula kanthawi kochepa imagwira mtundu umodzi pamwamba wina pansi. Manambala amakhala alipobe, mukachisandutsa chakuda ndi choyera nthawi zambiri chimawerengeka. Ngati zithunzizo mukadali nazo yesani.

Tsopano kwa Mayi Nabanda. Chafika, 4000 kwa 3000. Sanalakwitse anthu aja. Inu munakhala kumanzere ndiye mbali ya kumanzere ya TV inali pafupi nanu, mu chithunzi ndi yotalika mapikiseli 620, pamene ya kumanja ndi 430 yokha. Ndiye mizere ya tebulo sikuyenda mowongoka, ikupanikizana ikamapita kumanja, ya pamwamba ikutsetsereka ya pansi ikukwera. Tebulo lake lilibenso timizere tolekanitsa. Diso lanu likachoka pa 87 ndi 49 kupita kumanja limadumphira mzere woyandikana nawo osadziwa. 175 ndi ya kalabu 3. Ya kalabu 4 ili pansi pake.

Njira yodziwira popanda chida chilichonse ndi kuwerenga kolamu iliyonse payokha kuchokera pamwamba, yoyamba, yachiwiri, yachitatu, kenako muziphatikize potsata malo ake. Musatsate mzere ndi chala pa chithunzi chopendekeka.

Nabanda_KU
Eeh zoonadi, ndawerenga chotsika 175 ndi yachitatu. Ndiye kuwongola kwake ndipange bwanji, ndili ndi foni yokha

Zikomo_Phiri
Ingotembenuzani chithunzi pang'ono ndi Rotate mpaka mzere ugone bwino, galari iliyonse ili nayo

Gomani_IT
Achimwene a Phiri Rotate imathandiza ngati foni inangopendekeka m'manja. Apa mukagoneka mzere wa pamwamba wa pansi upendekeka kwambiri chifukwa mizereyo sikuyenda limodzi, ikukakumana kutsogolo. Chofunika ndi kukoka makona anayi payekhapayekha.

Pa foni pali Snapseed, ndi yaulere. Tsegulani chithunzi, dulani kaye ndi Crop kuti mutsale TV ndi kamalo pang'ono kuzungulira, kenako Perspective musankhe Free. Muzikoka kona imodzi imodzi, makamaka awiri a kumanja, wa pamwamba akwere wa pansi atsike, mpaka m'mphepete mwa TV mufanane ndi timizere ta pa sikirini. Mukatha yang'anani zinthu ziwiri. Mutu wa tebulo ndi mzere wa totala zigone mofanana, ndipo manambala a kolamu imodzi atsike mowongoka. Chachitatu chimene anthu amaiwala, chithunzi chojambulidwa cham'mbali chimakhala chofinyika, ndiye ngati 0 akuoneka woonda kwambiri chikokeninso m'lifupi. TV zimenezi ndi 16 kwa 9.

Amene ali ndi kompyuta mu pulogalamu ya zithunzi ya GIMP ndi Shift+P, musankhe Corrective, muike makona anayi a gridi pa makona a TV. Ine ndapanga ndi ImageMagick, awiri oyamba ndi pamene kona ili, awiri otsatira ndi pamene ipite:

```
magick silaidi.jpg -distort Perspective \
 "1500,1180 0,0  2330,1290 1600,0  2325,1720 1600,900  1490,1800 0,900" \
 -crop 1600x900+0+0 +repage chowongoka.png
```

Ndaponya chowongokacho. Koma muone kuti kumanja kukadali kosaoneka bwino kusiyana ndi kumanzere. Kuwongola sikuwonjezera chilichonse, kumangotambasula timadontho timene tinalipo, ndipo kumeneko nambala inali ndi mapikiseli ngati 14 pamene kumanzere 20.

mphwanga_wa_Joni
Mayi akuti ali ndi foni yokha inu mukulemba makodi bwana

Gomani_IT
Ndawapangira kale, makodiwo ndi a ena amene adzafune mawa

Nabanda_KU
Zikomo kwambiri a Gomani, chasintha zedi. Ndikuwerenga chonchi tsopano. Soya: 142, 96, 118, 87, ziwiri zotsatira dzanja, totala 648. Mtedza: 64, kenako ziwiri kuwala, 49, ziwiri dzanja, totala 362. Onse pamodzi: 206, 179, 175, 136 kapena 186, 163, 146, totala 1010. Nanga pa kuwalapo pali chochita?

Zikomo_Phiri
Kuwala ndiye kosavuta, tsitsani Brightness mukweze Contrast mpaka kumapeto manambala atulukira okha. Ine ndimapanga choncho ndi malisiti ofufutika

Gomani_IT
Pa malisiti zimatheka chifukwa inki imakhala ilipo yangozilala. Pa kuwala zimatengera. Kamera imasunga kuwala kwa kadontho kalikonse ndi nambala kuyambira 0 mpaka 255. Pamene kuwala kunapyola malire, kadontho ka pa nambala ndi kadontho ka pambali pake tonse tinalembedwa 255, kusiyana kunatayika nthawi yojambula yomweyo. Mukatsitsa Brightness pamangokhala chigamba chotuwa chosalala. Koma m'mphepete mwa kuwalako mumakhala mwina 250 pambali ndi 238 pa nambala, diso silikuona koma kusiyana kulipo, pamenepo ndiye mawu a Phiri akugwira.

Ndayeza pa chithunzi chanu mayi. Pa mtedza wa kalabu 2 pakati penipeni pa windo, ponse ndi 255, palibe chotulutsa. Pa kalabu 3 ndi m'mphepete. Mu GIMP ndinatsegula Levels nkukankha kakatatu kakuda kuchoka pa 0 kufika cha pa 225, chithunzi chonse chinada bii kupatula pa kuwalapo, ndipo panatuluka nambala yomaliza yooneka ngati 7, yoyamba ayi. Mu Snapseed mungachite zofanana ndi Curves, kokerani kadontho ka pansi kumanzere kupita kumanja. Osadandaula kuti kwina konse kwada, mukufuna kachigawo kamodzi kokha, sungani kope ina ya kachigawo kameneko.

Mphunzitsi_Dowa
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine za mapulogalamuzi sindilowererapo koma tebulo limeneli lili ndi matotala mbali ziwiri, m'mizere ndi m'makolamu, ndiye pensulo ikhoza kugwira ntchito imene kamera yalephera. Tiyeni pang'onopang'ono.

Kalabu 4 ili ndi zonse ziwiri, 87 kuphatikiza 49 ndi 136. Ndiye si 186, ndipo mayi Nabanda yang'anitsitsani mmene 3 ameneyo akuonekera mu kolamu imeneyo, akhale chitsanzo chanu cha 3 wa mbali yosaoneka bwino.

Tsopano phatikizani kolamu yonse mmene mwawerengera: 206, 179, 175, 136, 163, 146. Ikupereka 1005. Totala ikuti 1010, ndipo 1010 ndikuikhulupirira chifukwa 648 ndi 362 akupereka yomweyo. Pakusowa 5. Nambala imene ingasinthe ndi 5 chifukwa chosaoneka bwino ndi 3 kukhala 8, ndipo yothera ndi 3 ndi imodzi yokha. Kalabu 5 ndi 168 osati 163. Yerekezani ndi 3 wa mu 136 uja, ndikhulupirira muona kuti kumanzere kwake ndi kotseka.

Zikatero za pa kuwala zija zimatuluka zokha. Kalabu 2, 179 kuchotsa 96 ndi 83. Kalabu 3, 175 kuchotsa 118 ndi 57, ndipo a Gomani aona 7 kumapeto, zikugwirizana.

Nabanda_KU
Aphunzitsi mwandithandiza, ndayerekeza ndipo ndi wotsekadi, ndi 8. Ndiye za pa dzanja tichotserenso chomwecho?

Mphunzitsi_Dowa
Pamenepo ndiye pensulo ikuthera. Soya wa makalabu anayi oyamba ndi 443, kuchotsa pa 648 kutsala 205, ameneyo ndi wa kalabu 5 ndi 6 pamodzi. Mtedza wa anayi oyamba 64, 83, 57, 49 ndi 253, kuchotsa pa 362 kutsala 109. Onani kuti 205 ndi 109 ndi 314, ndipo 168 ndi 146 ndi 314 yomweyo, kusonyeza kuti mpaka apa tili bwino. Koma kugawa kwake sitingadziwe. Kalabu 5 ikhoza kukhala soya 130 mtedza 38, kalabu 6 nkukhala 75 ndi 71. Ikhozanso kukhala 120 ndi 48, inayo 85 ndi 61, matotala onse akhala akugwirizanabe. Mabokosi anayi akabisika mizere iwiri makolamu awiri, mukawonjezera thumba apa nkuchotsa apo palibe totala imene imadandaula. Tikufunika bokosi limodzi lokha mwa anayiwo, ena atatu atsatira.

Chikondi88
Pali ma apu aja oyeretsa zithunzi, umangodina kamodzi nkhope yosaoneka imatuluka bwinobwino. Ikani mmenemo dzanjalo lichoke

Gomani_IT
Ayi ayi, pa manambala musayerekeze. Apu singaone kuseri kwa dzanja, imangojambulapo chinthu chofanana ndi zozungulira, ndipo choopsa ndi choti chimatuluka choyera bwino moti simungakaike. Ngakhale pa nambala yongosaoneka bwino imasankha yokha kuti uyu akhale 3 kapena 8 osakuuzani kuti yasankha. Mu 2013 katswiri wa makompyuta wa ku Germany David Kriesel anapeza kuti makina ena osikanira a Xerox amasintha manambala pa mapepala, 6 kusanduka 8, chifukwa njira yochepetsera failo yotchedwa JBIG2 imatenga kachidutswa kamodzi nkukaika paliponse pofanana nako. Mapepalawo amaoneka abwinobwino ndiye anthu samazindikira. Bola nambala yosaoneka bwino, imakuchenjezani yokha.

Wa_ku_Mchinji
Koma kunena zoona vuto lenileni ndi anthu oonetsawa. Tebulo lonse pa silaidi imodzi, timanambala ting'onoting'ono, amaliza kufotokoza mphindi imodzi asintha. Alimi ambiri mu holo muja sanaone kanthu. Bwanji osasindikiza mapepala 6 kalabu iliyonse itenge limodzi? Ndalama ya chakudya cha msonkhano imapezeka koma ya fotokope ayi

Mai_a_Tadala
Mwanena zoona. Komanso makatani, holo zambiri mawindo ake alibe makatani TV aiika moyang'anizana ndi windo

mphwanga_wa_Joni
Kuno ku ntchito amaponya PDF pa gulupu msonkhano usanayambe, aliyense amatsatira pa foni yake

Wa_ku_Mchinji
Kumeneko aliyense ali ndi foni ya intaneti, kwathu kuno mu kalabu ya anthu 20 mwina atatu

Adimini_2
Abale nkhani ya makatani ndi fotokope ndi yabwino koma mayi akufunika lipoti Loweruka, tibwerere ku tebulo

Zikomo_Phiri
Funso kwa aphunzitsi. Mukukhulupirira bwanji kuti 175 ndi 146 zili bwino? Ngati 175 ndi 176 ndipo 146 ndi 145 totala ikhalabe 1010. Kumanja kuja 5 ndi 6 amafanananso

Mphunzitsi_Dowa
Funso labwino a Phiri, zolakwika ziwiri zikhoza kuphimbana ndithu. Pa 175 tili ndi mboni ina, 7 amene anatuluka pa kuwala uja, ikanakhala 176 mtedza ukanakhala 58. Ndipo 175 ikakhazikika 146 singasunthe yokha. Imene ilibe mboni ndi 179, chifukwa 83 tamupeza kuchokera kwa iyo yomweyo. Komanso zonsezi tikuganiza kuti amene anakonza silaidi anaphatikiza bwino. Ngati anachita kutaipa matotala pamanja, kapena anasintha nambala ya kalabu ina madzulo osasintha totala, zochotsera zathu zonse zitengera cholakwika chawocho. Chondilimbitsa mtima ndi choti mizere iwiri yooneka yonse, kalabu 1 ndi kalabu 4, ikugwirizana, ndi matotala atatu a pansi akugwirizana.

Zikomo_Phiri
Ine 7 wa pa kuwala uja sindikumukhulupirira kwenikweni, munthu ukadziwa kale yankho diso limaona chimene ukufuna

Gomani_IT
Onani nthawi ya mameseji achimwene, 7 ndinamunena aphunzitsi asanawerengere. Koma mfundo yanu ndi yoona, ndi chifukwa chake ndi bwino kulemba kaye chimene mukuona musanayambe masamu.

Mayi Nabanda, mafunso awiri. Munajambula kamodzi kokha? Ndipo foni yanu ndi yanji? Ma Samsung ena ali ndi Motion photo, ma iPhone ali ndi Live Photo, zikakhala zoyatsa zimasunga kavidiyo kakafupi pamodzi ndi chithunzi, dzanja likhoza kukhala linasuntha. Ngati palibe, funsani amene anakhala mbali ina ya holo. Kuwala kwa pa TV ndi chithunzi cha windo ngati pa kalilole, malo ake amasintha malinga ndi pamene munthu wakhala, ndiye wa kumanja kuwala kwake kuli pa mabokosi ena. Dzanjanso linali patsogolo pa TV osati pa galasi penipeni, kwa iye latchinga malo osiyana pang'ono. Zithunzi ziwiri zoipa za mbali zosiyana zimaposa chimodzi chabwinoko.

Nabanda_KU
Yanga ndi itel ilibe zimenezo ndipo ndinajambula kamodzi. Koma ndafunsa pa gulupu ya kopaletivi, mayi ena a kalabu 2 anakhala kumanja kutsogolo anajambulanso. Atumiza koma ndi chodutsa kale pa WhatsApp, choyambirira anafufuta foni inadzadza. Ndaponya.

Gomani_IT
Chathandiza. Kwa iwo kuwala kwagwera pa maina a makalabu, ndiye mtedza wa kalabu 2 ukuoneka poyera 83, wa kalabu 3 57. A Phiri nkhawa yanu ya 175 ndi ya aphunzitsi ya 179 zatha pamenepo. Dzanja likadalipo koma pansi pa mapepala pakuoneka mtedza wa kalabu 6, theka la pansi lokha la manambala. Yoyamba ndi ndodo yopendekeka ngati 7. Yachiwiri ndi ndodonso koma chithunzi ndi chaching'ono, sindingalumbire ngati ndi 1 kapena 7, kusiyana kwawo kuli kumutu kumene kwabisikako.

Mphunzitsi_Dowa
Ndiye zatsala njira ziwiri basi. Ikakhala 71, kalabu 6 soya 75, kalabu 5 soya 130 mtedza 38. Ikakhala 77, kalabu 6 soya 69, kalabu 5 soya 136 mtedza 32. Pa chithunzi choyamba palibe kansonga ka soya wa kalabu 5 kakuoneka pamwamba pa dzanja?

Gomani_IT
Kalipo, mitu ya manambala atatu. Womaliza ndi wozungulira pamwamba, koma mu zilembo za silaidi imeneyi 0 ndi 6 onse ndi ozungulira kumutu. Ine ndikupendekera ku 71 chifukwa ndodo yachiwiri ikuoneka yoimirira kusiyana ndi yoyamba, koma ndi timadontho tochepa kwambiri.

Zikomo_Phiri
Ine ndikuona 77, ndodo zonse ziwiri zapendekeka mofanana

Chikondi88
Ingolembani 71 mayi ndani akafufuze

Nabanda_KU
Ayi mchemwali, kalabu 5 ndi yathu, ndipo matumba amenewa ndi amene amawerengera ndalama. Soya ndi mtedza mitengo yake ndi yosiyana, matumba 6 akapita kolakwika anthu adzafunsa ine.

Mphunzitsi_Dowa
Mu lipoti musiyanitse zitatu. Zimene mwawerenga ndi maso lembani bwinobwino. Zimene tapeza pochotsera, monga 168, ikani kanyenyezi ndi mawu pansi oti yapezeka kuchokera ku totala. Za kalabu 5 ndi 6 lembani onse pamodzi 168 ndi 146 amene tikuwadziwa, pa soya ndi mtedza mulembe kuti tikudikira failo. Komanso poti kalabu 5 ndi yanu, kodi mlembi wanu alibe buku kapena malisiti a ku nkhokwe? Mukapeza kuti mtedza wanu unali 38 kapena 32 ndiye kuti za kalabu 6 zadziwikanso. Zikapezeka kuti si 38 si 32, pamenepo ndiye pali nkhani yoti mukafunse ku ofesi.

Nabanda_KU
Buku lili ndi alembi athu koma ali ku maliro ku Chamama abwera Lachisanu madzulo. Ndiwaimbira akangofika. A Gomani nditumizireni chowongoka chija ku inibokisi ngati Document ndikasindikize, ndikufuna anthu akaone okha pamene pali dzanjapo.

Gomani_IT
Ndatumiza zonse ziwiri, chanu ndi cha mayi a kalabu 2, ndaziwongola kukula kofanana kuti muziike pamodzi pa pepala limodzi. Posindikiza auzeni asachepetse, chilichonse chitenge theka la A4.